Kalata ya anthu a katuni ija usasaine kaye

"Amalume, anthu a katuni aja anditumizira kalata, akuti ndikhale mawu a agogo Kamba mu filimu ya mphindi 7, andipatsa K250,000. Kalatayo ndaijambula ndaiponya pa gulupu pano. Ndisaine? Akufuna yankho Lachisanu."

Eee mphwanga, pepa ndachedwa, ndinali pa mseu ndiye ndimafuna ndiiwerenge nditakhala pansi. Ndaiwerenga kawiri. Mayi ako ndaona aponya kale nthungululu pa gulupu, chabwino alongo, koma dikirani kaye pang'ono mwanayu asanagwire cholembera.

Ndalama yomwe alembayo ikugula zinthu ziwiri, ngakhale pa pepala ikuoneka ngati chimodzi. China ndi tsiku lako mu situdiyo, maola atatu aja alemba pa ndime 2, mizere 42 ya agogo Kamba. Chinacho ndi chilolezo chogwiritsa ntchito mawu akowo iwe utapita kwanu. Tsiku la mu situdiyo limatha dzuwa likalowa, koma chilolezocho chimakhalabe, ndiye pamene pagona nkhani ndi pa ndime 4 paja, osati pa nambala yomwe yakusangalatsayo.

Ndime 4 akuti adzagwiritsa ntchito mawu ako mpaka kalekale, dziko lonse lapansi, pa njira ina iliyonse. Anzako akuuza kuti ukane zimenezo eti? Ine ndikuti ayi, pa filimu yeniyeniyo usalimbane nawo, zimenezo ndi zachizolowezi. Filimu si adiveti yoti imaulutsidwa miyezi itatu nkuichotsa. Munthu sangajambule katuni chaka chathunthu kenako pakatha zaka ziwiri azikusakasaka kuti achimwene tiloleninso, ndipo akafuna kuitumiza ku mafestivo, kaya ku Annecy ku France uko komwe kumakhala festivo yaikulu ya makatuni, amayenera kukhala ndi mapepala oonetsa kuti mawu onse ali mmenemo ndi ololezedwa. Ndiye mpaka kalekale, dziko lonse, zisiye choncho. Chomwe chandiimitsa ine ndi timawu ta kumapeto kwa ndime yomweyo, pomwe akuti ndi ntchito zina zonse zochokera mu filimuyi komanso zotsatsa malonda. Pamenepotu ndi pomwe pali mbuna. Zikutanthauza kuti agogo Kamba akatchuka, ana nkumawayeserera kusukulu, atha kudula mawu ako nkuwaika pa gemu ya pa foni, pa gawo lachiwiri la filimu, kapena kuwabwereketsa kampani ya sopo, iwe osaona ngakhale tambala.

Ndikunena izi poti zinandionekera. Nthawi yomwe ndinkapanga masewero a pa wailesi ndinalankhulapo mu kakatuni kena kophunzitsa ana kusamba mmanja, ka bungwe lina lake, anandilipira bwinobwino ndithu ndilibe nawo mlandu pamenepo. Patapita mwina chaka ndi theka ndili mu minibasi ndingomva mawu anga pa wailesi akutsatsa sopo, mzere womwe uja, kakuseka komwe kaja. Ndinapita kukafunsa, anangotulutsa pepala lomwe ndinasaina ndekha nkundilozera ndi chala. Ndinabwerako manja ali mthumba.

Ndiye uwalembere kuti mawu ako agwire ntchito mu filimu imeneyi yokha, uitchule dzina lake, kuphatikizapo tizidutswa toitsatsira filimuyo pa YouTube, pa Facebook kaya pa TV, zimenezo palibe vuto chifukwa zikukutsatsa ndi iwe yemwe. Koma china chilichonse kunja kwa filimuyo, mukhalenso pansi, mtengo wina, pepala lina. Chiganizo chimodzi basi. Anthu olongosoka sakana zimenezi, ambiri amangokopera kalata ya pa intaneti osaiganizira nkomwe. Akakanitsitsa ndiye dziwa kuti ali ndi pulani ndi mawu akowo, ndiye pamenepo K250,000 yachepa, akweze.

Tsopano ndime 7, yoti udzalipidwa filimu ikadzatuluka. Iyi yokha ayi. Pajatu mu katuni mawu ndi omwe amayamba, ojambula amatsatira mawuwo kuti pakamwa pa agogo Kamba paziyenda limodzi ndi zomwe ukunena. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, mphindi 7 ndi masekondi 420, ukachulukitsa ndi zithunzi 10,080, ngakhale azijambula chimodzi pa ziwiri zilizonse monga ambiri amachitira zikadali 5,040, ndiye kagulu ka anthu atatu anayi, magetsi athu omwewa, ukuganiza amaliza liti? Iwe ntchito yako itha Loweruka limodzi, yawo itha chaka chamawa, mwinanso osatha nkomwe ndalama zikawathera panjira. Ndipo ukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene ankadikira malipiro nthawi imeneyo analandira nambala yomweyo koma yosagula zomwezo. Uwauze theka posaina, K125,000, theka linalo pasanathe masiku 14 chijambulireni mawu. Ndipo chilolezo chija chiyambe kugwira ntchito ndalama yonse ikalowa, zilembedwe choncho. Ufunsenso ngati K250,000 imeneyo ndi yolowa mmanja kapena adulapo msonkho wa MRA, akadula akupatse satifiketi yake usunge.

Pa ndime 6 akuti udzabweranso kudzabwereza mizere nthawi ina iliyonse akafuna, popanda malipiro ena. Kubwereza kumakhalapo ndithu, sikuti akukubera, akayamba kulumikiza zithunzi amapeza kuti mzere wina watalika, kapena asintha nthabwala, kapena pa mzere 30 panamveka galimoto kunja. Koma uike malire. Ulendo umodzi wa ola limodzi waulere, mkati mwa miyezi itatu, kupitirira apo azilipira pa ola. Tawerengera wekha, K250,000 kugawa maola atatu ndi pafupifupi K83,000 pa ola, ndiye ukati K60,000 pa ola la kubwereza sunawadulitse. Thiransipoti ya Zomba kupita ku Blantyre nkubwerera ikhale yawo, apo ayi ukapita kanayi ndalama yonse ithera kwa makondakitala. Ndipo ngati akulembanso sikiriputi, mizere 42 nkufika 60, imeneyo si kubwereza ayi, ndi ntchito yatsopano.

Ndime ya chinsinsi ija, yoti usaonetse kanthu filimu isanatuluke, imeneyo vomera ndipo uisunge, mafestivo ena safuna filimu yomwe yayamba kale kuzungulira pa intaneti. Ndiye za kuika kachidutswa pa sitetasi ya WhatsApp iwalako, ndi inunso alongo ndikukuuzani, musakaonetse azimayi a kumpingo.

China ndaona mulibe nkomwe mu kalatamo ndi dzina lako kumapeto kwa filimu. Uwauze alembe, ndipo uwapatse kalembedwe kake wekha asakalakwitse, ntchito yotsatira imabwera chifukwa wina anawerenga dzina pamenepo. Ukakhala ndi mpata udutsenso ku COSOMA, bungwe loona za kopiraiti, ukafunse za kulembetsa, lamulo la kopiraiti la 2016 limawerengera ndi ochita zisudzo omwe osati oimba okha.

Za Lachisanuzo usatekeseke nazo, ukawayankha mawa mmawa ndi zosintha zakozo ndiye kuti wayankha nthawi yake. Uzilembe pa imelo osati pa foni, mwaulemu, uyambe ndi kuthokoza ndi kunena kuti gawolo walikonda ndipo ukulifuna. Ulembe usiku uno unditumizire kumbali ndione kaye usanatumize. Batire yatsala 4 peresenti, ndiimbanso ndikafika kunyumba.