Msongolo ukapweteka mutangoyamba kuthamanga, uyezeni ndi chala

"Ndayamba kuthamanga mwezi wathawu, pano ndikumakwanitsa makilomita 8 tsiku lililonse pamsewu wa tala. Koma msongolo wakumanzere ukundipweteka. Anzanga akuti ndi shini sipulintsi chabe, ndizimwa bulufeni n'kumapitiriza. Ndiwamvere?"

Achemwali, musawamvere kaye. Mwina akunena zoona, koma pali vuto lina limene limayamba chimodzimodzi, ndipo limenelo mukalithamangira fupa likhoza kuthyokeratu. Khalani pansi, mutambasule mwendo, muyendetse chala m'mphepete mwa fupa la msongolo, mbali ya mkati, kuchokera pakakolo kukwera kubondo. Muzidina ndithu, musamangosisita.

Ngati ululu wamwazika mtunda wautali, masentimita 5 kapena kuposa, moti simungathe kuloza kuti ndi apa penipeni, nthawi zambiri ndi zimene anzanuwo akunena. Fupa ndi khungu lake lopyapyala zimakhala zakwiya ndi ntchito imene yabwera mwadzidzidzi. Ululu wake umamveka poyamba kuthamanga, thupi likatentha umachepako, kenako umabwerera mukamaliza kapena m'mawa mwake.

Koma chala chikafika pamalo amodzi, aang'ono oti nsonga ya chala n'kuwaphimba, inu n'kudzidzimuka ndi ululu pomwe pena ponse pali bwinobwino, ganizirani za mng'alu wa fupa, umene achipatala amati sitiresi fulakicha. Umenewu sulabada zoti thupi latentha. Mukamapitiriza kuthamanga umakulirakulira mpaka mutayamba kutsimphina. Pakapita masiku umamveka ngakhale mukungoyenda kupita kumsika, ndipo kwa ena umawadzutsa usiku. Nthawi zina pamalopo pamatupa pang'ono. Ngati kuyenda sikukupwetekani, yesani kudumphadumpha ndi mwendo wopwetekawo wokha. Ululu wobaya pamalo omwewo mukamatera ndi chizindikiro choipa. Ngati kuyenda kukupwetekani kale, musavutike n'kudumpha, pitani kuchipatala.

Chimene chachitika kwa inu n'chakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pomwe fupa limachedwa. Mukalipatsa ntchito yatsopano, thupi limayamba ndi kugumula fupa lakale lisanamange latsopano, ndiye pamakhala milungu ingapo pamene fupalo limakhala lofookerako. Inu nthawi imeneyo ndi imene mumadzimva kuti mwalimba, n'kuwonjezera mtunda. Kuchoka pa kungokhala kufika pa makilomita 56 pamlungu, popanda tsiku lopuma, m'mwezi umodzi, n'kulisenzetsa fupa mopitirira. Bulufeniyo amangotseka pakamwa ululu umene ukanakuuzani kuti imani.

Kuchipatala pali msampha umodzi. Ekisileyi nthawi zambiri siwonetsa mng'alu woterewu m'milungu iwiri kapena itatu yoyamba. Munthu amauzidwa kuti fupa lili bwino, mawa lake wavalanso nsapato. Ngati zizindikiro zikuloza ku mng'alu, uchiteni ngati mng'alu, ndipo funsani dokotala ngati mungajambulitsenso pakatha milungu iwiri kapena itatu. Makina ena ojambula m'thupi otchedwa MRI amawona msanga, kungoti sapezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wowawa. Muwauzenso adokotala malo enieni a ululu. Mng'alu wa mbali ya mkati chakumbuyo kawirikawiri umapola pa milungu 6 mpaka 8 osathamanga. Wa kutsogolo kwenikweni, pakati pa msongolo pamene fupa limasongoka, ndi wamakani: umatha miyezi, ndipo ena amafika pochitidwa opaleshoni.

Popeza ndinu mayi, ndifunse mosabisa: kusamba kukuyenda bwino chiyambireni kuthamanga? Ambiri amayamba masewera pamodzi ndi kudzimana chakudya kuti achepe thupi. Kusamba kukasiya kapena kuyamba kudumphadumpha, mafupa amafooka ndipo mng'alu umabwera mosavuta. Zimenezi muwauze adokotala ngakhale asanakufunseni. Idyani mokwanira, ndipo usipa kapena matemba odyera limodzi ndi minga yake, komanso mkaka, zimapereka kashiamu wolimbitsa mafupa.

Mukapeza kuti ululu ndi womwazika uja, siyani kuthamanga kwa mlungu umodzi kapena iwiri, mpaka muziyenda mphindi 30 osamva kanthu. Njinga mukhoza kupalasa ngati sikupweteka. Pobwerera, yambani ndi makilomita 3, katatu pamlungu, kusiya tsiku pakati, pabwalo la udzu kapena msewu wafumbi wosalala. Muzisakaniza kuyenda ndi kuthamanga, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono mlungu ukatha, osati tsiku lililonse. Limbitsaninso akatumba a kumbuyo kwa mwendo poimirira ndi zala zakumapazi n'kutsika pang'onopang'ono.

Ngati mwendo umangokhala ngati wathina kwambiri mukamathamanga, phazi n'kuchita dzanzi, kenako zonse n'kutha mukangoima kwa mphindi zingapo, limenelo ndi vuto lina la minofu, nalonso lofunika dokotala. Dinani fupalo madzulo ano, mutiuze ngati ululu uli pamalo amodzi kapena wamwazika.