Alefa ya 0.58 pa mafunso a Rosenberg otanthauziridwa m'Chichewa

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikulemba monogarafiya yokhudza mmene ana a sekondale amadzionera okha kuno ku Ulongwe. Ndinatenga mafunso 10 a Rosenberg a m'Chipwitikizi, ndawatanthauzira m'Chichewa, ana 120 ayankha. Alefa ya Cronbach yatuluka 0.58, pomwe aphunzitsi ondiyang'anira akufuna 0.70. Ndichotse mafunso ena kuti ikwere?"

Achemwali, musachotse kaye funso lililonse. Nambala imeneyi, imene imaonetsa ngati mayankho a mafunso onse akuyendera limodzi, ikukuuzani kuti penapake pali vuto, ndipo mukangodula mafunso mpaka ifike 0.70 simudzadziwa kuti vutolo linali chiyani.

Yambani ndi chinthu chophweka. Pa mafunso 10 amene Morris Rosenberg anatulutsa mu 1965, asanu amanena zabwino za munthu, asanu ena amanena zoipa. Mwana amene wavomera mwamphamvu kuti amadziona ngati wopanda pake sangapatsidwe 4 mofanana ndi amene wavomera kuti ndi wokhutira ndi mmene alili. Mafunso asanu onena zoipawo mumawatembenuza malikisi musanawerengere alefa. Ngati mayankho anu ndi 1 mpaka 4, mu pulogalamu yowerengetsera ya SPSS mumalemba chonchi pa lililonse:

```
COMPUTE q8r = 5 - q8.
EXECUTE.
```

Muwerenge mawu a funso lililonse kuti mudziwe lofunika kutembenuza, chifukwa mapepala ena amasanja mafunsowa mosiyana ndipo nambala za mafunso sizifanana. Mukanakhala kuti simunatembenuze ngakhale limodzi, alefa ikanagwa pansi zedi, mwina mpaka kunsi kwa ziro. Poti yanu ndi 0.58, ine ndikukayikira funso limodzi kapena awiri.

Kuti muwapeze, pitani pa Analyze > Scale > Reliability Analysis, mu Statistics muchonge Scale if item deleted. Yang'anani mzere wa Corrected Item-Total Correlation. Umasonyeza ngati funso lililonse likuyendera limodzi ndi anzake asanu ndi anayi. Lomwe lili pansi pa 0.30 mulilembe pambali. Ndikhoza kulosera kuti mupezapo funso la nambala 8, lija lonena kuti munthu akanakonda akanamadzipatsa ulemu wochuluka. Funsoli lavutapo m'zilankhulo zambiri, ndipo m'Chichewa chifukwa chake sichobisika.

Ndinazionera ndekha pothandiza mnzanga kuyesa mafunso omwewa kumbali ya ku Domwe. Tinakhala pa khonde ndi mtsikana wina wa kalasi 10, wochangamuka, wosaopa kuyankhula. Titamuwerengera kuti "ndikanakonda ndikanamadzilemekeza kwambiri", anavomera msangamsanga. Ndinamufunsa kuti kudzilemekeza n'kutani. Anati ndi kuvala bwino, kusayenda usiku, kusatukwana pamaso pa akulu, ndipo anawonjezera kuti "nanga alipo munthu amene sangafune zimenezo?" Wolemba funsolo ankafuna kugwira mwana wodzinyoza mumtima. Mawu athu anagwira mwana woleredwa bwino. Ana odzidalira ndi odzikayikira onse amavomera chimodzimodzi, choncho funsolo silisiyanitsa aliyense, ndipo mukalitembenuza malikisi mumalanga mwana amene alibe vuto.

Funso lonena za kunyadira nalo muliyang'anitsitse. Kwathu kuno mwana amene anganene kuti ali ndi zambiri zonyadira amaoneka wodzitama, ndiye ena amavomera kuti "ndilibe" pofuna kudzichepetsa basi. Palinso msampha wa kayankhidwe. Mukauza munthu kuti "ndilibe zambiri zonyadira", ndiyeno asankhe pakati pa "ndikugwirizana nazo" ndi "sindikugwirizana nazo", kukana kuwiri kumakumana. Wina amachonga "sindikugwirizana nazo" akutanthauza kuti ayi, ndilibedi. Kumbukiraninso kuti ambiri mwa ana athu anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi. Chichewa amachiyankhula bwino koma papepala amachiwerenga mwapang'onopang'ono, ndipo kachilembo ka "si" koyambirira kwa mawu n'kosavuta kukadumpha.

Mwina wina akuuzani kuti mungopereka mafunso anu kwa munthu wina awabwezere m'Chipwitikizi, njira imene Richard Brislin anaitchukitsa mu 1970. Chitani ndithu, ndipo akhale munthu amene sanaonepo pepala loyambalo. Mudziwenso kuti la Chipwitikizilo nalo linachokera ku Chingerezi, choncho ndi bwino kuyerekeza ndi loyambiriralo. Koma njira imeneyi sikanagwira vuto la mtsikana uja. "Kudzilemekeza" kukanabwerera bwinobwino monga kunalili, aliyense n'kusainira kuti zili bwino. Chimene chimagwira vutoli ndi kukhala pansi ndi ana asanu ndi atatu kapena khumi, anyamata ndi atsikana, a m'tauni ndi a kumudzi, mmodzimmodzi. Mumawerenga funso, mwanayo n'kulibwereza m'mawu ake, n'kunena chimene anaganiza posankha yankho. Musamukonze, lembani zimene wanena. Masiku awiri akukwanirani. Pa funso 8 mukhoza kuyesa mawu ngati "ndimadziona wotsika kuposa mmene ndikanafunira", mumve ngati ana akulimva mogwirizana ndi cholinga chake.

Pa nkhani ya 0.70, ndikupempha kuti muimvetse musanaithamangire. Alefa, imene Lee Cronbach anaifotokoza mu 1951, imadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mafunso ndi kugwirizana kwawo. Mwachidule ili chonchi, k ndi chiwerengero cha mafunso, r ndi avereji ya kugwirizana kwa mafunso awiriawiri:

```
alpha = k*r / (1 + (k-1)*r)
```

Ikani k = 10 ndi r = 0.12, mupeza 0.58, yanu ija. Tsopano siyani r pa 0.12 pomwepo, mafunso akhale 20: alefa ifika 0.73. Mafunsowo sanasinthe ubwino ngakhale pang'ono, angochuluka, koma "mwakhoza". N'chifukwa chake nambalayi payokha siikwanira. Ndipo ngakhale itafika 0.85, imangonena kuti mayankho akuyendera limodzi. Sikelo ya wogula kachewere ku Tsangano ikhoza kuonetsa kulemera komweko nthawi iliyonse mukaikapo thumba, chonsecho ikuba makilo awiri ulendo uliwonse.

Ndiye mukakonza mawu, yesani zinthu ziwiri. Choyamba, ana pafupifupi 30 ayankhe kawiri motalikirana masabata awiri, osati sabata ya mayeso, muone ngati malikisi awo akukhazikika. Chachiwiri, onani ngati malikisiwo akuyenda mmene nzeru zimayembekezera. Zimadziwika kuti anthu odziona otsika amakhalanso ndi zizindikiro zambiri za matenda a kukhumudwa. Mukapereka limodzi ndi mafunso oyeza zimenezo, monga PHQ-9, malikisi a Rosenberg akamakwera enawo azitsika. Zikapanda kutero, pepala lanu likuyeza china, mwina khalidwe la ulemu. Ndi ana 120 mukhozanso kuyesa Analyze > Dimension Reduction > Factor. Musadabwe mafunso asanu onena zoipa akadzipatula kukhala gulu lawolawo. Kawirikawiri zimenezi zimachokera ku kalembedwe ka mafunso, osati kuti pali mitundu iwiri ya kudziona.

Nanga mayankho 120 muli nawo kalewa? Ngati vuto linali kutembenuza malikisi, konzani, ndi abwino. Ngati ndi mawu, ndipo nthawi ndi ndalama zilipo, konzani mawuwo muyankhitsenso gulu lina. Ngati sizingatheke, lembani alefa ziwiri, ya mafunso onse 10 ndi ya 9 opanda nambala 8, mufotokoze zimene ana anakuuzani za funsolo, ndipo musayerekeze malikisi a mafunso 9 ndi a ofufuza ena amene anagwiritsa ntchito 10. Mukatsegula SPSS, jambulani tebulo la Item-Total Statistics muike pano pamodzi ndi mafunso anu a m'Chichewa, tiwaone limodzi liwu ndi liwu.