Zokanena pa maiki Loweruka

"Achimwene, kuntchito andiuza kuti Loweruka ndikagwire maiki pamsika, tikukhazikitsa njira yatsopano yotumizira ndalama pafoni. Ndikanene chiyani kuti anthu andimve?"

Iwe, tamvera. Anthu a pamsikawo nkhaniyi si yachilendo kwa iwo ayi. Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo mayi wogulitsa tomato *211# ndi *444# amazidziwa pamtima. Ndiye usakataye mpweya kuwauza kuti dziko likutukuka. Chili m'mutu mwawo n'chakuti, mundidula zingati, ndikatapa kuti, ikasowa ndikalira kwa ndani? Iwe tenga ndalama imodzi, uyende nayo kuchokera m'tauni mpaka m'manja mwa munthu. Ukanene chonchi:

"Amayi, abambo, tayimani kaye pang'ono. Tinene kuti mwana wanu ali ku Lilongwe, akufuna kukutumizirani K20,000 ya kuchigayo ndi sopo. Sadikiranso munthu wobwera kumudzi. Apita kwa ejenti, apereka ndalamayo pamanja, ejenti ayilowetsa mufoni mwake. Mwana uja alemba nambala yanu, aona kuti dzina latulukalo ndi lanudi, atsimikiza ndi nambala yake yachinsinsi. Inu muli kudimba, uthenga walowa. Mukafuna mutapa yonse, mukafuna mutapa K5,000 yokha, inayo igone mufoni. Foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, ndalama sinapite nayo. Mupita ndi chiphaso chanu cha unzika, akubwezerani nambala yanu, ndalama muipeza ili phee."

Waona? Mulibemo mawu oti agogo afunse kuti akuti chiyani. Zoti imagwira pa kafoni ka mabatani popanda bandulo, ufunse kaye mabwana ako. Ngati ndi ya kodi yoyimba ija, ukazinene mokweza chifukwa ambiri foni zawo ndi zimenezo.

Tsono pa mtengo ndi pamene anzako ambiri amagwa. Amangoti "zotchipa, zotchipa", munthu n'kukadulidwa potapa, mawa lake wauza mudzi wonse kuti ndi akuba. Utenge pepala la mitengo, upeze mzere wa K20,000 yomweyo, unene manambala awiri: yotumizira ndi yotapira, chifukwa zimadulidwa padera. Ukatero uwonjezere kuti mayunitsi a ESCOM kapena bilu ya madzi angalipire ali pakhonde osatapa n'komwe, ngati njira yanuyo yalumikizidwa kale ndi zimenezo. Chimene sichinayambe kugwira ntchito usachilonjeze, ngakhale atakuuza kuti chikubwera mwezi wamawa.

China chimene pepala la kuofesi silinena ndi fuloti. Ejenti amakhala ndi ndalama ya pamanja ndiponso ya mufoni. Kumudzi anthu ambiri amabwera kudzatapa, olowetsa ndi ochepa, ndiye pofika masana ya pamanja ija yatha, munthu amva zoti "bwerani mawa". Zikamuchitikira tsiku loyamba, sabweranso. Choncho m'mawa uzungulire maejenti anu, udziwe amene ali ndi ndalama, ndipo pa maiki uziloza ndithu kuti kambulera kali pafupi ndi chigayo ako, pitani pamenepo. Kunena kuti tili paliponse sikuthandiza munthu amene wayima pamsika umodzi.

Wina adzafunsa ndithu, makamaka abambo achikulire, kuti kampaniyo ikatseka ndalama zathu zipita kuti. Uyankhe mwachidule kuti malamulo a Reserve Bank amafuna kuti ndalama za anthu zisungidwe kubanki mu akaunti yapadera, osasakaniza ndi za kampani. Kalata ya chilolezo ikhale pa tebulo.

Kenako utseke ndi chenjezo, ndipo apa utsitse liwiro:

"Nambala yachinsinsi ndi yanu nokha. Ejenti asaidziwe, ife a kampani sitidzakuimbirani kukufunsani, ndipo musaike chaka chanu chobadwa. Wina akakuimbirani kuti ndatumiza molakwika, ndibwezereni, musathamange. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, wabodza umachokera pa nambala wamba ya munthu. Yang'anani kaye ndalama zotsala mufoni mwanu. Ngati sizinawonjezereke, palibe chalowa. Amene mukufuna kulembetsa, tebulo ilo, bwerani ndi chiphaso cha unzika ndi foni yanu."

Zonsezi zisapitirire mphindi ziwiri, chifukwa wa pamsika amamvera akuyenda. Ukamaliza nyimbo ilire, kenako ubwereze zomwezo kwa atsopano. Ndipo ngati mungathe, muitane mayi mmodzi kutsogolo, mumulembetse, mumutumizire K1,000, foni ilire anthu akumva, akatape pomwepo onse akuona.

Nditumizire chithunzi cha pepala la mitengolo usiku uno tilowetsemo manambala, kenako undijambulire ukuyeserera ndimve ngati sukuthamanga.