Bokosi la foni lomwe akuti silinatsegulidwe, zithunzi zikuti chani?

"Achimwene, munthu wina pa intaneti akugulitsa iPhone 13, akuti ndi yatsopano, bokosi lake silinatsegulidwepo. Wanditumizira zithunzi zinayi ndipo bokosilo lakutidwa bwinobwino mu pulasitiki. Ndingadziwe bwanji kuti sanatsegule n'kusintha zam'kati? Zithunzizo ndakuikirani."

Achemwali, pulasitiki imene yakupatsani mtimayo ndi imene yandidetsa nkhawa ine. Kuyambira pa iPhone 13, yomwe inatuluka mu 2021, a Apple anasiya kukuta mabokosi a foni ndi pulasitiki, m'malo mwake amamata ndi timizere tiwiri ta pepala kumbuyo kwa bokosi, kena kumtunda kena kumunsi, tomwe umachita kukoka n'kung'amba. Ndiye ngati bokosili lili mu pulasitiki, wina wake anachita kulikuta litachoka kale ku fakitale. Sindikuti ndi wakuba ayi, ogulitsa ena amakuta poopa fumbi, koma asakuuzeni kuti ndi mmene linabwerera.

Taonani chithunzi chachiwiri chija, m'mbali mwa bokosi muli mzere wokhuthala wokhotakhota. Umenewo ndi msoko wa makina ang'onoang'ono otenthetsera, amadula pulasitiki n'kuimata nthawi imodzi, kenako munthu amaiuzira mpweya wotentha kuti ifinyike igwire bokosi, ena amangogwiritsa ntchito dilaya ya tsitsi basi. Poti ndi dzanja la munthu kutentha sikufanana paliponse, ndiye pena pamakhala makwinya, pena pamapyapyala mpaka kuboola, ndipo m'makona mumatsala timakutu tolimba tosongoka. Timakutu timeneto pa chithunzi chanu tikuoneka pamakona awiri. Chinanso muziyang'ana pansi pa pulasitikiyo, mukaona fumbi, tsitsi, zidindo za zala kapena kona ya bokosi yoperepeseka koma pulasitiki ya pamwamba pake ili yosakandika, dziwani kuti bokosilo linayendayenda kaye lisanavekedwe.

Koma nkhani yeniyeni ili kumbuyo, ndipo pa zithunzi zinayi zonsezo palibe choonetsa kumbuyo, zomwe zandidabwitsa. Muuzeni ajambule timizere ta pepala tija chapafupi, asayatse fulashi, kuwala kuzichokera m'mbali ngati pafupi ndi windo. Fulashi imaphimba zonse ndi kunyezimira, pomwe kuwala kwa m'mbali kumapanga mthunzi paliponse pamene patukuka. Munthu akamamatula kapepala koteroko amayamba wakatenthetsa kuti guluu afewe, ndipo pokabwezera sikagwera ndendende pamene kanali, ndiye m'mphepete mumatsala kamzere konyezimira ka guluu wakale, kapena kamzere kakuda poti guluu wotsalayo amakola fumbi. Nthawi zina pepala la bokosi limasupuka n'kuoneka ngati thonje, kapena kamzereko kamapendekeka, kamakhala ndi thovu la mpweya pakati. Akagwiritsa ntchito supagulu ndiye pamauma gwa, pamasiya zoyera ngati ufa m'mbali.

Ngati angakutumizireninso chithunzi cha katoni yomwe foniyo inabweramo, onani tepi. Tepi pamwamba pa tepi inzake, yosiyana mtundu kapena kukula, ndiye kuti panatsegulidwa, ndipo mukakulitsa chithunzi mumatha kuona mzere wa mpeni pa tepi yapansiyo. Izi pazokha sizindiopsa kwenikweni, katundu wodutsa malire a dziko amatha kutsegulidwa ndi oyendera, kungoti iwowo kawirikawiri amatseka ndi tepi yolembedwa kuti aona.

Tsono ndikuuzeni chilungamo, chithunzi chimatha kukuuzani kuti bokosi linatsegulidwa, koma sichingakutsimikizireni kuti silinatsegulidwe. Timizere ta pepala tabodza timagulitsidwa, ndipo wodziwa ntchito yake amamata mwaukhondo moti simungaone kanthu. Nchifukwa chake mupemphenso chithunzi cha lebulo ya kumbuyo, pamene pali siriyo nambala ndi IMEI, nambala yapadera yodziwira foni iliyonse. Siriyo nambalayo muilembe pa checkcoverage.apple.com, ikaonetsa kuti waranti inayamba kale kuwerenga ndiye kuti foniyo inagulidwapo kapena kuyatsidwapo, si yongotuluka kumene ngati mmene akunenera. Muonenso ngati lebuloyo sinamatidwe pamwamba pa ina, m'mphepete mumaoneka pokhuthala.

Koma olo nambala ikhale bwino, imeneyo ndi ya bokosi, siikunena za chimene chili m'katimo. Ndiye musalipire musanaone. Mukumane, atsegule inu mukuona, muyatse foniyo n'kudina kachizindikiro ka i pa sikirini yoyamba ya Hello, kapena mukamaliza kuikonza muimbe *#06#, patuluka IMEI ya manambala 15 ndipo ifanane ndi ya pa bokosi, nambala iliyonse. Akayamba zoti ndikatsegula ndiye kuti mwagula, muuzeni kuti eya ndigula ngati manambala agwirizana. Akakana zimenezo, ineyo foni imeneyo ndingaisiye.