Ngongole ya kubanki kapena 40% kwa alamu?

"Ndili ndi kafakitale ka chiponde ku Lilongwe. Phindu limafika K1.2 miliyoni pamwezi, koma miyezi yovuta limatsika mpaka K700,000. Ndikufuna K20 miliyoni yogulira makina aakulu kuti phindu lifike K2 miliyoni. Alamu anga a ku Joni akuti andipatsa ndalamazo, iwo atenge 40% ya bizinesi. Ndivomere, kapena ndipite kubanki?"

Mayi, 40% imeneyo musavomere msanga. Koma musathamangirenso kukatenga K20 miliyoni yonse kubanki.

Tiyambe ndi banki. Chiwongola dzanja kwathu kuno n'chowawa: mu 2024 Reserve Bank inaika mlingo wake pa 26%, ndipo mabanki amaonjezerapo awo akamakongoza mabizinesi ang'onoang'ono. Tiyerekeze kuti akupatsani pa 35% pachaka, kubweza zaka zitatu. Mwezi uliwonse muzipereka pafupifupi K905,000, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza cha m'ma K32.6 miliyoni. Ndi zambiri, inde, koma zaka zitatuzo zikatha nkhani yatha, makina ndi anu, phindu lonse ndi lanu.

Vuto lili pa miyezi yovuta ija. Banki sifunsa ngati mtedza wakwera mtengo, kapena ngati masitolo amene mumawapatsa katundu achedwa kulipira. Tsiku likakwana ikufuna K905,000, inu m'manja muli K700,000. Makinawonso sayamba kubweretsa K2 miliyoni tsiku limene afika. Pamatenga miyezi kuti mupeze ogula chiponde choonjezeracho. Mukalephera kangapo, chikole chimene munapereka, kaya nyumba kaya puloti, chili pachiswe. N'chifukwa chake ngongole imayezedwa ndi mwezi woipitsitsa, osati wabwino. Ine ndimafuna kuti ndalama zotsala m'mwezi woipawo zikwane kulipira banki n'kutsalako theka lina la malipirowo. Apa sizikufikako n'komwe.

Ndalama za alamu zilibe chikole ndipo zilibe tsiku lobweza. Bizinesi ikapanda kupindula, iwonso sapeza kanthu. Ubwino wake ndi umenewo, ndipo si waung'ono. Koma taonani mtengo wake. Phindu likafika K2 miliyoni, gawo lawo ndi K800,000 mwezi uliwonse. M'zaka zitatu ndi K28.8 miliyoni, ndipo chaka chachinayi, chachisanu, chakhumi adzakhala akulandirabe, mochuluka pamene bizinesi ikukula.

Palinso china chimene ambiri sachiona. Munthu akapereka K20 miliyoni n'kutenga 40%, ndiye kuti akuti bizinesi yonse, ndalama zake zitalowa, ndi ya K50 miliyoni. Chotsanipo zakezo, mupeza kuti zonse munamanga inu akuziika pa K30 miliyoni, phindu la zaka ziwiri chabe, poti mukamapeza K1.2 miliyoni mwezi uliwonse, pachaka ndi K14.4 miliyoni. Fakitale imene ili ndi ogula okhazikika, kwa ine mtengo umenewo ndi wotsika. Kambani pa phindu la zaka zitatu, cha m'ma K43 miliyoni.

Ndiye langizo langa ndi lakuti mugawe pakati. Kubanki tengani K10 miliyoni yokha: malipiro ake ndi pafupifupi K452,000 pamwezi, ndipo ngakhale mwezi wa K700,000 mukwanitsa n'kutsala ndi zogulira mtedza. Funsani ngati makinawo angakhale chikole m'malo mwa nyumba, komanso ngati chiwongola dzanjacho n'chokhazikika kapena chimasintha mlingo wa Reserve Bank ukasintha. K10 miliyoni inayo ichokere kwa alamu. Pa mtengo wa K43 miliyoni gawo lawo likhala pafupifupi 19%. Ngakhale atakakamira pa K30 miliyoni yawo ija, sangapitirire 25%.

Mwina anena kuti angokukongozani m'marandi. Chenjerani pamenepo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44% tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi ngongole ya ndalama zakunja anadzuka ikumufuna makwacha ochuluka kwambiri, pamene iye akugulitsabe katundu m'makwacha.

Ndalama isanalowe, lembetsani bizinesiyo kuboma ngati kampani kuti masheya akhale olembedwa, ndipo loya akulembereni mgwirizano. Mulembedwe malipiro anu apamwezi monga woyendetsa fakitale, amene azichotsedwa phindu lisanagawidwe. Popanda zimenezo muzigwira ntchito ulere alamu ali ku Joni. Mulembedwe amene amasaina kubanki, ufulu wanu wodzagula masheya awo pakatha zaka zingapo, ndi njira yowerengera mtengo wake. Ndipo poti ndi alamu, ubale umene wadzera mu ukwati, lembaninso chimene chidzachitike ndi masheyawo ukwatiwo ukadzatha kapena iwo akadzamwalira, kuti musadzapezeke mukugawana phindu ndi abale awo amene simunagwirizane nawo kanthu.