One of the students who are late: kodi pakhale is kapena are?

"Anzanga odziwa Chingerezi, ndithandizeni. Ndinalemba kuti One of the students who are late is my cousin, koma mnzanga akuti ndalakwitsa chifukwa m'chiganizo chimodzi ndaikamo are komanso is. Cholondola n'chiti, ndipo chifukwa chake n'chiyani?"

Simunalakwitse. Aneni awiriwo akhala pamalo awo oyenera, ndipo sakutsutsana ngakhale pang'ono, chifukwa aliyense ali ndi mwininkhani wakewake. Mnzanuyo akuwerenga chiganizochi ngati chili ndi nthambi imodzi, pamene chili ndi nthambi ziwiri, ina italowa m'kati mwa inzake. Nthambi yaikulu ndi One is my cousin, ndipo mwininkhani wake ndi one, munthu mmodzi, n'chifukwa chake mneni wake ndi is. Nthambi yaing'ono ndi who are late, yomwe ntchito yake ndi kutiuza kuti tikunena ophunzira ati, ndipo who wa m'nthambi imeneyi akuimira students, anthu ambiri, n'chifukwa chake mneni wake ndi are.

Chimene chimasokoneza pa Chingerezi n'chakuti mawu akuti who sasintha maonekedwe. Kaya akuimira munthu mmodzi kaya anthu makumi anayi, amalembedwa chimodzimodzi, kotero kuti chizindikiro chokhacho chosonyeza kuti akuimira ndani chimakhala mneni wotsatirayo. Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pamenepa, pakuti chinenero chathu chimaika mgwirizano pa mawu aliwonse, ndipo zimene Chingerezi chimabisa ife timaziona ndi maso. Tamvani chiganizo ichi: chimodzi mwa zipatso zimene zapsa chagwa. Palibe mwana wa m'mudzi amene anganene kuti chimodzi mwa zipatso zimene zapsa zagwa, ngati chagwacho chili chimodzi. Zi wa zimene ndi za wa zapsa akutsata zipatso, pamene cha wa chagwa walumpha mawu onse apakatiwo kukagwirizana ndi chimodzi chimene chili koyambirira. Chimodzimodzinso ndi imodzi mwa mbuzi zimene zinasowa yapezeka: zinasowa zambiri, yapezeka imodzi. Are wanu uja ndiye za wa zapsa, ndipo is wanu ndiye cha wa chagwa.

Ndasankha dala zipatso ndi mbuzi m'malo mwa anthu. Pa anthu, mawu akuti amene sasintha, pakuti timati wophunzira amene wachedwa komanso ophunzira amene achedwa, ndiye pa mbali imeneyi amafanana ndi who. Kuwonjezera apo, ulemu wathu umachulukitsa munthu mmodzi, moti aphunzitsi achedwa angakhale bambo mmodzi yekha. Komabe ngakhale pa anthu mneni amaulula: mmodzi mwa ophunzira amene achedwa wabwera ndi kalata. Achedwa ambiri, wabwera ndi kalata mmodzi.

Ndikamathandiza ana okonzekera mayeso a MSCE, ndimawapatsa kalasi yongoyerekeza kuti nkhaniyi ichoke m'malere. Tinene kuti m'kalasi muli ophunzira 40. Belu la m'mawa lalira, 35 alowa, ndipo asanu aimitsidwa pageti chifukwa chochedwa. Mwa asanu aima pagetiwo, mmodzi ndi msuweni wanu. Tsopano dzifunseni kuti achedwa ndi angati. Achedwa ndi asanu, ndiye mneni wa kuchedwa akhale are. Nanga asuweni anu ndi angati pagululo? Ndi mmodzi, ndiye mneni wa usuweni akhale is. Mawu akuti who are late achita ntchito yochotsa 35 aja n'kusiya asanu, kenako one watola mmodzi pa asanuwo. Mukanalemba kuti who is late, ndiye kuti mukunena kuti wachedwa ndi mmodzi, zomwe sizikugwirizana ndi zimene zili pageti.

Pali njira ziwiri zoyesera zimene mungagwiritse ntchito ngakhale m'chipinda cha mayeso. Yoyamba ndi kuphimba ndi chala mawu onse kuyambira pa of mpaka pa late. Chotsala ndi One is my cousin, ndipo khutu lanu lomwe likukanani mukayesa kunena kuti One are my cousin. Njira imeneyi imakupezerani mneni wa nthambi yaikulu, amene sakhala wokayikitsa n'komwe: pambuyo pa one of, mneni wamkulu amakhala wa chinthu chimodzi, kaya pakati palowe mawu angati. Anthu amalakwitsa pamenepa chifukwa chakuti students ndi are ali pafupi ndi malo a mneniyo, ndipo dzanja limangotsatira zimene langolemba kumene. Njira yachiwiri ndi kutembenuza chiganizo kuti of akhale koyambirira: Of the students who are late, one is my cousin. Mukatero mumaona kuti who are late wanyamuka limodzi ndi students, wamusiya one ali yekha ndi mneni wake. Nthambi ikanyamuka ndi dzina motere, ndiye kuti ndi ya dzinalo.

Mkangano weniweni pa nkhaniyi suli pa chiganizo chanucho, koma pa mbale wake, pamene one of wabwera pambuyo pa mneni wamkulu: She is one of the students who are late. Apa anthu ambiri amalemba who is late, chifukwa maganizo awo onse ali pa mtsikanayo, ndipo amamva ngati zonse zimene zikunenedwa zikukamba za iye. Koma yesani kutembenuza kuja: Of the students who are late, she is one. Gulu la ochedwa lilipo, ndipo iye ali m'gululo. M'Chichewa timati iye ndi mmodzi mwa ophunzira amene achedwa, ndipo mukayesa kunena kuti mmodzi mwa ophunzira amene wachedwa mumamva kuti chinachake chatsimphina. Akatswiri a malamulo a kalembedwe, monga H. W. Fowler m'buku lake la mu 1926, anaumirira kuti mneni pamenepa akhale wa zinthu zambiri, ndipo ndi zimene mabuku a sukulu amaphunzitsa kawirikawiri. Kunena zoona, eni Chingerezi akhala akugwiritsa ntchito mneni wa chinthu chimodzi pamalo amenewa kwa zaka mazana, ngakhale olemba odziwika, ndipo akatswiri ena a masiku ano amavomereza njira zonse ziwiri ponena kuti wolankhula ali ndi ufulu woloza mmodziyo kapena gululo. Choncho mukamva munthu wa ku Britain akunena kuti one of those people who is always late, musamuyese mbuli. Ineyo, pa mayeso ndi pa kalata ya ntchito, ndimalangiza are, chifukwa ndi amene mungamuteteze ndi chifukwa chomveka wina akakufunsani, ndipo palibe wochonga amene angakudulireni malikisi pa iye.

Pali malo awiri pamene is m'nthambi yaing'onoyo amakhala wolondola ndithu, ndipo pamenepo si nkhani ya kukonda kwa munthu koma ya tanthauzo. Oyamba ndi pamene pabwera mawu akuti the only one. Tibwerere kukalasi kwathu kuja tsiku lina: 39 alowa pa nthawi yake, pageti paima mtsikana mmodzi yekha. Tinena kuti She is the only one of the students who is late. Apa students ndi onse 40, ndipo ambiri a iwo sanachedwe, kotero kuti who sangaimire iwowo. Akuimira the only one. Mukatembenuza, nthambi ija sinyamuka ndi students ayi, imatsala ndi one: Of the students, she is the only one who is late. M'Chichewa tinganene kuti mwa ophunzira onse, ndi iye yekha amene wachedwa.

Koma samalani, chifukwa si paliponse pamene mwaona only pamene muyenera kuthamangira is. Ana ambiri amaloweza kuti only amabweretsa is, ndipo amagwa pa chiganizo ngati ichi: Only one of the students who are late has a letter. Pageti pali asanu aja, onse achedwa, koma amene wanyamula kalata yochokera kwa makolo ndi mmodzi. Only pamenepa akuchepetsa eni kalata, sakuchepetsa ochedwa, ndiye are akhalabe pamalo pake ndipo mneni wamkulu ndi has. Mwana wina amene ndinkamuthandiza anafufuta are wake wolondola mpaka pepala kubooka, n'kulembapo is, chifukwa choti anaona only koyambirira kwa chiganizo. Nditamufunsa kuti pageti paima angati, anayankha yekha kuti asanu, ndipo anakhala chete kuyang'ana bowo lija.

Malo achiwiri ndi pamene pali mipatuliro. Yerekezani ziganizo ziwiri izi: One of the students who are late has the key, ndi One of the students, who is late, has the key. Choyambacho chikunena kuti ochedwa ndi angapo ndipo kiyi ali ndi mmodzi wa iwo, moti mphunzitsi ayenera kupita pageti kukafunsa kuti ali ndi ndani. Chachiwiricho chikunena kuti kiyi ali ndi wophunzira wina, ndipo pongowonjezera, wophunzirayo wachedwa. Nthambi yotsekeredwa ndi mipatuliro sikusankhanso gulu, ikungopereka uthenga woonjezera wa munthu mmodziyo, n'chifukwa chake is akuyenera. Polankhula kusiyanaku kumamveka pa kupuma kwa mawu, koma polemba, mukaiwala mipatuliroyo, owerenga sadziwa ngati mwalakwitsa mneni kapena mumatanthauza zina.

Zonsezi zimagwiranso ntchito pa was ndi were, pa has ndi have, komanso pa aneni a nthawi yatsopano amene amalandira s kumapeto. Timalemba kuti One of the students who were late was sent home, ndiponso One of the students who live far comes by bicycle, pamene live alibe s chifukwa okhala kutali ndi ambiri, koma comes ali naye chifukwa wokwera njinga ndi mmodzi. Chiganizo chomalizachi ndi chimene mungamuonetse mnzanuyo, popeza mulibe is kapena are woti amukope maso. Mupempheni achitembenuze yekha kuti of akhale koyambirira, kenako akuuzeni kuti okhala kutali ndi angati, ndipo wobwera pa njinga ndi angati.