Foni ya sekandi: akaunti ya mwini wake ichoke musanalipire

"Ndapeza Samsung yogwiritsidwapo kale ku Katondo Street, koma ikadali ndi akaunti ya mwini wake. Nditani ndisanapereke ndalama?"

Achimwene, ndalama zikhale kaye m'thumba. Akauntiyo aichotse wogulitsayo ndi manja ake, inu mukuona. Atsegule Settings, alowe Accounts and backup, kenako Manage accounts, asankhe akaunti ya Google n'kudina Remove account. Foni imufunsa pini kapena patani ya pasikirini. Akaunti ya Samsung ndi ina payokha, nayonso ichoke, ndipo imafuna pasiwedi yake.

Zikatero afufute zonse kudzera mu General management, Reset, Factory data reset. Apa ndi pomwe ambiri amapwetekera: foni ikafufutidwa podina mabatani a m'mbali akaunti ikadalimo, loko ya Google imatsalira, ndipo imadzafuna imelo ndi pasiwedi ya mwini wakale.

Ndiye musanyamuke foni ikangoyaka. Ilumikizeni ku intaneti, ngakhale yochokera pa foni ya mnzanu, mudutse masitepe onse mpaka mulowetse akaunti yanu. Mukaona mawu akuti Verify your account, loko ikadalipo. Ngati mwiniyo wangosintha kumene pasiwedi, foni ikhoza kuikana kwa maola 24, choncho mupangane kukumananso mawa lake.

Wogulitsa akati "pasiwedi ndinaiwala, akakuchotserani ku shopu", isiyeni foniyo. Ikhoza kukhala yobedwa, ndipo mlandu ungadzagwere inu amene mwapezeka nayo.